Njerwa 1,004 ndi Bwalo la Zigizagi

Njerwa zimene zinatsala titamanga nyumba yathu ku Area 25 zinakhala kuseri kwa khitchini zaka ziwiri, zitafunditsidwa malata akale. Dothi lake linali la pamalo pomwepo. Dzenje limene oumba anakumba ndi lomwe linadzasanduka la chimbudzi, ndipo pa poloti yonse palibenso poti munthu n'kukumba. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kusekondale ina kutali, kubwera Lachisanu lokha, choncho ntchito ya njerwa ankayendetsa ndi mkazi wanga. Ndiye anakapangitsa chikombole kwa kalipentala, ndiye ankakangana ndi ogulitsa nkhuni, ndiyenso ankathamanga kukafunditsa njerwa zaziwisi mitambo ikada.

Zotsalazo anakana kugulitsa, ngakhale anthu ankabwera kudzafunsa. Ankati ndi za pabwalo. Pakati pa khonde ndi mpanda pali malo amene dzinja lililonse ankasanduka matope, ndipo iye ankafuna kuyalapo njerwa. Koma sankafuna kayalidwe wamba ka mizere yowongoka. Ankafuna kamene anakaona pamalo ena kumene anakachita maphunziro a sabata imodzi: njerwa iliyonse itagona mopendeketsa, mutu wake utagunda m'nthiti mwa inzake, mizere ikuyenda ngati minga ya nsomba. Tsiku lina anatenga njerwa zisanu ndi zitatu n'kuziyala pansi kuti ndione. Anati ndi ngati kalukidwe ka lichero. Ndinavomera ndili ndi zina m'mutu, n'kunena kuti tidzachita chaka chamawa.

Anamwalira m'mwezi wa Marichi, atadwala masiku khumi ndi anayi. Za matendawo sindilemba pano.

Mu Ogasiti, sukulu zitatsekera, ndinachotsa malata pamulu uja. Ndinali nditatsimikiza zinthu ziwiri. Bwalo liyalidwa mmene iye ankafunira, ndipo liyalidwa ndi njerwa zake zokha, popanda yochokera kwina ngakhale imodzi. Mlamu wanga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, amene amakhala ku Area 18, atamva anati angondigulira lole imodzi ya njerwa, nkhani ithe. Ndinamuthokoza n'kukana. Sanandifunse chifukwa, ndipo ndinayamikira kuti sanafunse.

Kusankha kunanditengera masiku awiri. Njerwa za mu uvuni umodzi sizifanana. Zimene zinali kunja, kutali ndi moto, zimatuluka zotuwa, ndipo ukazigundanitsa zimalira mogontha. Zoterozo pakhoma lopakidwa pulasitala zimakhala, koma pansi pamene mvula imagwa ndi anthu kuponda zimanyenyeka chaka chimodzi chisanathe. Ndinkatenga ziwiriziwiri, kuzigundanitsa, kumvetsera. Zolira ngati chitsulo ndinkaika kumanja, m'milu ya makumi asanu. Zogontha kumanzere. Zosweka ndinkaponya pakona. Pomaliza zabwino ndi zathunthu zinakwana 1,004. Ndinawerenga kawiri.

Kenaka ndinayeza. Popeza njerwa zoumba pamanja zimasiyana pang'ono, sindinayeze imodzi. Ndinandanda khumi mogundizana m'mbali, tepi inati masentimita 110. Ndinandanda khumi zina mitu itagundana, inati 220. Ndiye kuti njerwa imodzi, pamodzi ndi kampata kolowa mchenga, inali masentimita 22 mulitali ndi 11 mulifupi. Mulitali kuwirikiza mulifupi kawiri ndendende, ndipo kayalidwe kameneka sikatheka popanda zimenezo. Ndinaima kanthawi ndi tepi m'manja. Sindinadziwe kuti popangitsa chikombole mkazi wanga anali ataganiza kale mpaka pamenepo.

Bwalolo ndi mamita 6 mulitali, kutsata khonde, ndi mamita 4 kuchoka pakhonde kufika pampanda. Malo onse ndi masikweya mita 24. Nditagawa ndi kukula kwa njerwa imodzi ndinapeza 992. Ndinali nazo 1,004. Zinkakwana, n'kutsala khumi ndi ziwiri. Ndinalemba papepala n'kujambula mzere pansi pake monga ndimauzira ana m'kalasi.

Mmisiri amene ndinamuitana ndi bambo wachikulire wa ku Mgona, wochokera ku Dowa, yemwe anamanga khitchini yathu. Anabwera pa njinga, levulo yake yoyezera kuwongoka kwa makoma atamangirira pa kaliyala. Anapepesanso za maliro ngakhale analipo tsiku loika, kenaka anayang'ana pepala langa nthawi yaitali, atalitalikitsa ndi maso. Anafunsa ngati ndikunena zigizagi, yopendeketsa ija. Nditavomera anandibwezera pepala.

"Aphunzitsi, samu yanu ndi yabwino. Koma mwawerengera bwalo lopanda mphepete."

Anafotokoza kuti njerwa zikagona mopendeketsa, pofika pakhoma zimasiya mano ngati a sowo, ndipo dzino lililonse limafuna chidutswa chodula. Iye amadula ndi mpeni womangira, kugogoda mpaka njerwa ithyoke. Chimene akufuna amatenga, chinacho nthawi zambiri chimakhala zinyenyeswa. Pa ntchito yotere, anatero, pa njerwa khumi zilizonse amaonjezera imodzi. Ndiye ndipeze 1,100, apo ayi ayale mizere yowongoka, imene zanga zikwana bwinobwino ndipo atha masiku atatu. Anaonjeza kuti munthu wodzakhala pabwalo sadzafunsa kuti njerwa iyi inachokera kuti.

Ndinamuuza kuti ine ndidzadziwa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana milu ija, ndipo sanabwerezenso mawuwo. Anangoti ndikapeza nzeru ndimuimbire.

M'mawa mwake ndinasesa pakona ya bwalo n'kuyala njerwa pafupifupi makumi asanu ndi limodzi pa dothi, popanda mchenga, kuti ndione ndi maso. Ndinakoka chingwe pamwamba pake ngati kuti ndi khoma. Mmisiri sananame. Kumbali yaitali, chingwe chinkadutsa pa njerwa imodzi pa masentimita 15 ndi theka aliwonse. Pa mamita 6 ndiye zidutswa 39, mbali ziwiri 78. Kumbali yaifupi, pa masentimita 31 aliwonse pankafunika zidutswa ziwiri, chachikulu ndi kakang'ono ka ngodya zitatu. Mbali ziwiri zazifupi pamodzi zinkafuna zidutswa pafupifupi 52. Zonse zinali 130. Ngati chidutswa chilichonse chidya njerwa yathunthu, theka la njerwa zimenezo likupita kudzala. Ndiye kuti pa 992 paja pafunika zina 65, tisanawerengere zosweka mwangozi. Khumi ndi ziwiri zanga zija sizinali kanthu.

Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kumasuntha chingwe, pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo. Pena chinkadula njerwa ziwiri m'malo mwa imodzi. Pena chinkasiya kachidutswa kochepa ngati chala. Ndiye chinafika pamalo pamene chinkadutsa pakati penipeni pa njerwa iliyonse ya mzere umodzi. Ndinatenga imodzi mwa zogontha zija, kujambula mzere wopendekera kudutsa pakati pake, n'kuicheka ndi sowo yakale. Zidutswa ziwirizo zinali zofanana. Chimodzi ndinaika pa dzino loyamba. Chinacho ndinachizungulitsa pansi pomwepo, mutu kuloza kumene kunali miyendo, ndipo chinalowa pa dzino lachiwiri ngati chinabadwira pamenepo. Njerwa imodzi, mano awiri, popanda chotaya.

Kumbali yaifupi kunalinso malo ake otero. Chingwe chikadutsa pa ngodya za njerwa, kachidutswa ka ngodya zitatu kamene ukudula pa njerwa kuti upeze chachikulu ndi komwe kakufunika pa dzino lotsatira.

Panali zofunika ziwiri. Choyamba, kudula kukhale kocheka, osati kogogoda. Chachiwiri, kuti mbali zonse ziwiri zazitali zidutse pakati pa njerwa, mulifupi mwa bwalo muyenera kukwana masitepe athunthu ochoka pa mzere wa njerwa kufika pa wotsatira, iliyonse masentimita 15 ndi theka ndi kanyenyeswa. Masitepe 26 ankapitirira mamita 4. Masitepe 25 ankakwana masentimita 389. Otsala 11 kumbali ya mpanda ndinati akhale kangalande ka simenti. Ndinawerengeranso pa mulifupi watsopanowo: njerwa 963. Mwa zimenezo 899 zathunthu, 39 zodula pakati za mbali zazitali, 25 za mbali zazifupi. Zapadera zinali 41.

Mmisiri atabweranso ndinamuonetsa zidutswa ziwiri zija pansi. Anagwada, kuchotsa chimodzi, kuchizungulitsa, kuchibwezera. Anachita zimenezo katatu. Kenaka anati papepala njerwa sizisweka, ndipo 41 ndi zochepa kwa munthu amene waona njerwa za uvuni zikuchita mwano. Koma ngati ndipeza galayinda, makina ocheka aja, ndi chimbale chodulira miyala, ayesa. Anaika lamulo limodzi: ngalande ndi simenti ya m'mphepete tithire pomaliza penipeni, njerwa yotsiriza italowa. Anati waonapo anthu akuswa konkire ya dzulo chifukwa cha changu.

Galayinda anabweretsa ndi mlamu wanga, atabwereka kwa wowotcherera zitsulo wina wa ku Area 24. Anaitula pakhonde n'kunena kuti chiyambire sanaonepo munthu akuchitira njerwa kalembera ngati anthu, ndipo ndikamaliza ndizipatsenso mayina. Mmisiri anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinati mayina ndaganiza kale, yopindika kwambiri nditcha dzina la mlamuyo. Kanali koyamba kuyankha nthabwala zake kuchokera mu Marichi, ndipo tonse tinachita ngati sitinazindikire.

Masiku awiri oyamba sitinakhudze njerwa. Tinakumba dothi lapamwamba, kusalaza, kupendeketsa pang'ono kuti madzi azithawa nyumba kulowera kumpanda, n'kusinja ndi chipika mpaka phazi losasiya chizindikiro. Mmisiri anayeza ngodya pakhonde ndi tepi, mamita atatu uku, anayi uku, asanu pakati, ndipo tinapeza kuti mpanda wathu suyenda mofanana ndi nyumba: kumapeto kwina unalowa mkati ndi zala ziwiri. Anati ngalande idzameza zimenezo. Kumbali ya mpanda tinakhoma zikhomo n'kukoka chingwe pa 389. Tinayala mchenga wa kumtsinje, zala ziwiri kuchindikala, n'kuukoka ndi thabwa.

Kuyala tinayamba ndi zathunthu zokha, mano a m'mphepete kuwasiya. Mmisiri ankagwada pa thabwa, ine ndikumupatsira. Njerwa zathuzi zili ndi kadzenje kumimba, kamene kanasiyidwa ndi kathabwa ka pansi pa chikombole, ndipo iliyonse inkagona chafufumimba, kadzenje pansi, msana pamwamba. Mizere inayi iliyonse ankakokanso chingwe kuona ngati minga ikuyendabe mowongoka, chifukwa njerwa imodzi yonenepa imakankha zinzake zonse za patsogolo. Akapeza yotero, kapena yopindika ngati nthochi, ankaiponya kumbuyo osayang'ana. Ine ndinkaitola, kuitembenuza, kufunsa ngati singalowe penapake. Tsiku lachiwiri anandiuza kuti ngati ndikufuna bwalo limene mkazi wanga akanalikonda, ndisiye kuchonderera njerwa zopunduka. Ndinasiya. Zokanidwa zinafika 19, ndipo zapadera zinatsika kufika pa 22.

Azimayi a Mvano a kutchalitchi kwathu anadzera Lachinayi pochokera ku mapemphero, monga ankachitira kamodzi pa mwezi chichitikire maliro. Anaima pakhonde ndi mayunifolomu awo oyera n'kumayang'ana. Mmodzi, wa kwawo kwa mkazi wanga kumpoto, anati malemu anamuuzapo za bwalo limeneli. Ndinayankha kuti eya, n'kupita kukatenga wilibala.

Kudula kunayamba Lachisanu. Mbali zazifupi mmisiri anachita mwa njira yake: kuika njerwa pa dzino lenilenilo, kujambula ndi pensulo pomwepo, kudula, kulowetsa. Fumbi lofiira linadzaza paliponse mpaka tinayamba kuviika njerwa m'madzi tisanadule. Tizidutswa ta ngodya zitatu tinkavuta, nsonga zake zinkabenthuka. Apa mmisiri anapita yekha pakona pamene ndinataya zosweka, n'kusankha mahafu olimba. Anati kachidutswa kakang'ono sikafuna njerwa yathunthu, hafu ikwana. Nzeru imeneyo inatipulumutsira zingapo. Komabe zina zinkang'aluka pakati chimbale chikangofika pa kamwala kobisika m'dothi. Magetsi anazima masana, tinadikira, anayaka, tinapitiriza.

Za mbali zazitali ndinati ndithandize kuti ntchito ifulumire. Popeza zonse zinali zodula pakati mofanana, ndinadula katoni kukula ngati njerwa, kuicheka mopendekera, n'kugwiritsa ntchito ngati chojambulira. Ndinandanda njerwa 39 pakhonde, misana pamwamba, n'kujambula mzere pa iliyonse ndi choko cha kusukulu. Mmisiri anafunsa ngati sitingadule za mbali imodzi kaye. Ndinamuuza kuti ndayesa kale, zonse ndi chimodzimodzi, ndipo galayinda ndi yobwereka, mwini wake akuifuna Lolemba. Anakweza mapewa n'kudula zonse. Pa kudula konse, mbali zazifupi ndi zazitali, zinasweka zisanu ndi zinayi zimene tinalowetsa zina m'malo mwake. Zapadera zinatsala 13. Ndinaona kuti tapambana.

Loweruka m'mawa tinalowetsa za kumbali ya khonde. Zidutswa 39 zinalowa chimodzichimodzi, mzere wake wowongoka ngati wojambula ndi rula. Mlamu wanga anafika tili pakati, atanyamula mabanzi, ndipo anaima n'kunena kuti mwina sukulu ili ndi ntchito ndithu. Tinanyamula zidutswa 39 zotsala mu wilibala kupita kumbali ya mpanda.

Mmisiri anatenga choyamba, kuika pa dzino. Sichinalowe. Anachizungulitsa. Sichinalowebe, mbali yodulayo inkaloza mopingasa chingwe m'malo motsata chingwe. Anatenga china, chimodzimodzi. Kenaka anachigadabuza, mimba pamwamba, ndipo chinalowa bwinobwino, theka la kadzenje kaja likuyang'ana kumwamba.

Ndinazindikira iye asanalankhule. Mu zigizagi mizere imasinthana: wina njerwa zake zapendekera kumanja, wotsatira kumanzere. Mzere wa pakhonde unali wopendekera kumanja. Ukayenda masitepe 25 kuchoka pamenepo umafika pa wopendekera kumanzere. Zidutswa za mbali ziwirizo n'zofanana kukula, koma zili ngati nsapato, ya kumanja ndi ya kumanzere. Poyesa paja ndinayesa mbali imodzi yokha. Ndi katoni yanga ndinajambula nsapato za phazi limodzi zokhazokha.

Kuti tidule zina 39 zoyenera pankafunika njerwa 20. Ndinali ndi 13.

Palibe anandinena. Zikanakhala bwino akanandinena. Mmisiri anakhala pa thabwa lake n'kuyamba kupukuta mpeni umene unali woyera kale. Patapita nthawi anati njira ilipo: tizigadabuze zonse, tizidzaze timaenjeto ndi simenti yosakaniza ndi fumbi la njerwa, patali sizioneka. Koma anavomereza yekha kuti mzere umenewo ndi umene madzi onse a pabwalo adzadutsepo, ndipo zigamba zotero zimatuluka pakatha madzinja awiri. Mlamu wanga anati pa msewu wa kumsika pali munthu akugulitsa njerwa zofiira bwino, zisanu ndi ziwiri zokha angabwere nazo m'manja.

"Alamu, zisanu ndi ziwiri. Pa chikwi. Mlongo wanga sakanawerenga."

"Akanawerenga," ndinatero.

Mlamuyo anati n'zoona, akanawerenga, ndipo akanatipezanso ndi mlandu wina wapadera. Anakhala pansi pafupi ndi mmisiri.

Ndinapita pa zokanidwa 19 zija. Ndinaganiza kuti poti tikudula, mwina kupindika sikuoneka. Tinayesa ziwiri. Imodzi chidutswa chake chinatukula nsonga pamwamba pa zinzake, poti munthu n'kupunthwa. Inayo inali yonenepa, sinalowe n'komwe. Pa mulu wa zosweka ndinafunafuna zazitali zokwana kudulapo chidutswa chotere, chimene mbali yake yaitali ndi masentimita 16 ndi theka. Ndinapeza zitatu. Sizinkafika.

Ndinawapempha kuti adye mabanzi, ine ndinayenda m'mbali mwa chingwe kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Ndinasiya kuyang'ana mano opanda kanthu aja n'kuyang'ana mzere womaliza wa njerwa zathunthu, umene tinali titayala kale. Unali wopendekera kumanja, ngati wa pakhonde. Ndinazula njerwa imodzi ya mzerewo, n'kuika chidutswa changa cholakwika m'malo mwake, msana pamwamba. Chinakhala. Mbali yake yodula inatsata mpanda.

Ndinawaitana. Ndinati tikabweza chingwe sitepe imodzi, masitepe akhale 24, mbali zonse ziwiri zikhala za phazi limodzi. Tizule mzere womaliza wonse, m'malo mwake tilowetse zidutswa zomwe tili nazo kale. Sitidulanso njerwa ina, koma pa ngodya ziwiri zokha. Mtengo wake ndi wakuti bwalo lichepa ndi masentimita ena 15 ndi theka, ndipo ngalande ikula kufika pafupifupi 27.

Mmisiri anazula yachiwiri ndi yachitatu, kulowetsa zidutswa, kukoka chingwe pamwamba pake, kutsinzina diso limodzi. Anafunsa ngati ndikuvomera ndi mtima wonse kuti bwalo lichepe, chifukwa simenti ikathiridwa palibe kubwerera. Funso limenelo linandivuta kuposa mmene iye ankaganizira. Ndinali nditachotsa kale masentimita 11 pa malo amene mkazi wanga ankayeza ndi mapazi ake, ndipo tsopano ndinkachotsanso ena chifukwa cha kulakwitsa kwanga, osati kwa njerwa. Ndinayang'ana mpata umene ukanatsala pakati pa chingwe ndi mpanda. Unali wokwana phazi langa ndi nsapato. Kumbali inayo kunali kugula zisanu ndi ziwiri, kapena mzere wa zigamba.

Ndinati tibweze chingwe.

Mlamu wanga anavula jekete n'kugwada nafe. Iye ankazula, ine ndinkasalaza mchenga ndi kathabwa, mmisiri ankalowetsa zidutswa n'kugogoda ndi chigwiriro cha hamala. Mlamuyo anafunsa ngati njerwa zimene akuzulazi nazonso zilembedwe m'kaundula, kapena zapuma pantchito. Mmisiri anati asamale, aphunzitsi awa angamupatse mayeso. Ntchitoyo inatenga maola awiri. Pa ngodya ziwiri za kumpanda mmisiri anajambula pomwepo ndi pensulo, osafuna kumva za katoni, n'kudula tizidutswa tiwiri pa mahafu. Chidutswa chomaliza cha mzere chinali chothina pang'ono. Anachipala m'mbali ndi galayinda, kuchiika, kugogoda kawiri.

Lolemba tinathira simenti ya m'mphepete ndi ngalande. Mmisiri poisalaza anati, osandiyang'ana, ya masentimita 11 ija sankaikhulupirira n'komwe, mvula ya mu Januwale ikanaidumpha. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene poyamba. Anati munthu wobwera ndi pepala umamusiya kaye afike pamene pepala lathera. Simenti itagwira tinamwaza mchenga wouma wosefa pamwamba pa bwalo lonse, n'kumasesa uku ndi uku mpaka mipata yonse itadzaza, kuwaza madzi, kumwazanso wina.

Njerwa zabwino zinatsala pafupifupi makumi asanu, kuphatikiza zimene tinazula zija. Mmisiri anafunsa ngati angatengeko zoti akakonzere sitepe ya pakhomo pake. Ndinaganiza pang'ono, n'kumuuza kuti atenge zimene njinga inganyamule. Anamanga khumi ndi ziwiri pa kaliyala ndi lamba wa mphira, levulo pamwamba, n'kukankha njinga mpaka pageti chifukwa kukwera sikukanatheka.

Atapita ndinatenga tsache n'kusesa mchenga wotsala. Ndinayambira pakhonde, kutsata mzere umodzi wa minga mpaka kumapeto, kubwerera ndi wotsatira. Pa njerwa zonse zimene tsache linadutsa panalibe ya kwina. Nditafika pa mzere wa kumpanda ndinaponda chidutswa chilichonse ndi chidendene, kuyambira choyamba mpaka chomaliza, kuona ngati pali chogwedera. Chimodzi chinagwedera pang'ono. Ndinabweretsa mchenga wodzaza dzanja, ndinagwada, n'kuuthira m'mipata yake.